Chakwera ndi Mapointi Anayi, Osati 4 Peresenti

Abale anga oyankhula Chichewa, pali kachilema kamene kalowa m'chinenero chathu mwakachetechete, ndipo kamazika mizu chifukwa sikapweteka khutu. Munthu akalakwitsa mgwirizano wa mawu, nkunena kuti “chiwongoladzanja wakwera”, ngakhale mwana wa Sitandade 3 amadzidzimuka. Koma akanena kuti “chiwongoladzanja chakwera ndi 4 peresenti”, pamene chachoka pa 14 peresenti nkufika pa 18 peresenti, tonse timangogwedeza mutu nkupitiriza kudya nsima. Galamala ya chiganizocho ilibe banga. Chimene chalakwika ndi uthenga wake, ndipo wolandira uthengawo ndi munthu amene ali ndi ngongole yoti abweze.

Tiyeni titenge nkhani yeniyeni. Mu Okutobala 2022, Banki Yaikulu ya dziko la Malawi idakweza chiwongoladzanja chake, chija chimene mabanki ena amayang'anirako poika chawo, kuchoka pa 14 peresenti kufika pa 18 peresenti. Kuchotsa 14 mu 18 kumatsala 4, ndiye lilime limathamangira kunena kuti chakwera ndi 4 peresenti. Koma tafunsani funso limene peresenti iliyonse iyenera kuyankha: 4 peresenti ya chiyani? Peresenti siyenda yamasiye. Nthawi zonse imakhala gawo la chinthu china, magawo akutiakuti mwa magawo 100 a chinthucho. Tikati mtengo wa thumba la feteleza wakwera ndi 4 peresenti, aliyense amamva kuti ndi 4 peresenti ya mtengo wakale. Momwemonso tikati chiwongoladzanja chakwera ndi 4 peresenti, mawu athu akunena 4 peresenti ya chiwongoladzanja chakale, chomwe ndi 14. Ndipo 4 peresenti ya 14 ndi 0.56 basi. Chiwongoladzanjacho chikadangofika pa 14.56 peresenti. Si zimene zidachitika.

Kusiyanaku kumaoneka bwino tikaika ndalama patebulo. Tiyerekeze ngongole ya K1,000,000 imene yakhala chaka chathunthu osabwezako kanthu pa mutu wake. Wokongola wamba amalipira choposa chimene Banki Yaikulu imalengeza, koma tigwiritse ntchito manambala omwewa kuti masamu aoneke poyera. Pa 14 peresenti, chiwongoladzanja cha chakacho ndi K140,000. Pa 18 peresenti ndi K180,000. Zoonjezera ndi K40,000. Tsono K40,000 ndi gawo lalikulu bwanji la K140,000 yakale ija? Gawani 40 ndi 140, muchulukitse ndi 100, mupeza pafupifupi 29 peresenti. Katundu amene wokongolayo wasenza walemera ndi choposa kota. Chikhala kuti chiwongoladzanja chidakweradi ndi 4 peresenti monga chiganizo chosasamala chija chikunenera, iye akadangoonjezera K5,600. Pakati pa K5,600 ndi K40,000 pali ndalama yokwana kumuchotsa munthu tulo. Wofalitsa nkhani wotere ndiye kandimverere amene akuluakulu adati anakanena za m'maluwa: tidamutuma kukamva za K40,000, wabwerako ndi za K5,600.

Nanga 4 uja timutchule chiyani? Ndi mapointi. Tikachotsa peresenti imodzi mu inzake, chotsalacho ndi mapointi a peresenti, kapena mwachidule mapointi. Mawuwa si achilendo pakati pathu: timawamva pa ligi ya mpira, timawamvanso zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikatuluka. Tinene choncho kuti chiwongoladzanja chakwera ndi mapointi anayi. Ngati tikufuna kuonetsa kulemera kwa kukwerako, tinene kuti chakwera ndi pafupifupi 29 peresenti ya chiwongoladzanja chakale. Ziganizo ziwirizi nzoona zonse, ndipo zikunena za chinthu chimodzi. Chabodza ndi chija chotenga nambala ya mapointi nkuiveka dzina la peresenti.

Ine komabe ndimakonda njira yachitatu, imene Chichewa chili nayo kale m'mafupa mwake: kutchula kochokera ndi kofikira. “Chiwongoladzanja chakwera kuchoka pa 14 peresenti kufika pa 18 peresenti.” Apa palibe pobisala. Womvera wapatsidwa manambala onse awiri ndipo angathe kudziwerengera yekha. Chenjezo ndi lakuti timawu ting'onoting'ono tisamatisinthanitse. “Ndi” amanena kukula kwa kusintha, pamene “kufika pa” amanena pamene chinthu chaima tsopano. Ndamvapo munthu akunena kuti chiwongoladzanja “chakwera ndi 18 peresenti” pofuna kunena kuti chafika pa 18 peresenti. Kumeneko nkusokoneza mtunda umene wayenda ndi mudzi umene wafika.

Chimene chimandimvetsa chisoni nchakuti amayi athu a banki m'khonde salakwitsa zimenezi. Iwo amati, “Ukatenga K10,000, ubweza ndi K2,000 pamwamba.” Gulu likagwirizana kuti tsopano pamwambapo pazikhala K3,000, palibe mayi amene anganyengedwe kuti kusinthako nkochepa. Aliyense akuona kuti pa K2,000 paja paonjezeredwa theka lake. M'chinenero cha masamu, chiwongoladzanja chachoka pa 20 peresenti kufika pa 30 peresenti: mapointi 10, koma kukwera kwa 50 peresenti. Mlembi wa gulu amene angalembe m'kope kuti “taonjezera 10 peresenti” ndiye kuti wachepetsa nkhaniyo kasanu. Chichewa cha pakhonde chimatchula ndalama ndi chimene yachokerapo. Ndi ife opita kusukulu amene tidatola mawu akuti peresenti nkusiya m'mbuyo funso lake.

Palinso chizindikiro china chothandiza kusiyanitsa ziwirizi. Mapointi sasintha kaya mukukwera kaya mukutsika, koma peresenti imasintha chifukwa poyambira pasintha. Kuchoka pa 14 kufika pa 18 ndi mapointi anayi, kuchoka pa 18 kubwerera pa 14 ndi mapointi anayi omwewo. Koma pokwera tidagawa 4 ndi 14 nkupeza pafupifupi 29 peresenti, pamene potsika tigawa 4 ndi 18 nkupeza pafupifupi 22 peresenti. Nchifukwa chake mapointi mungathe kuwaphatikiza popanda vuto. Chiwongoladzanja cha Banki Yaikulu chidali pa 12 peresenti kumayambiriro kwa 2022, ndipo pofika Febuluwale 2024 chidali pa 26 peresenti. Chidakwera m'magawomagawo, kudutsa pa 14, 18, 22 ndi 24, ndipo mukaphatikiza makwerero onsewo mupeza mapointi 14. Wonena kuti “chidakwera ndi 14 peresenti pa zaka ziwiri” akubisa, mwina mosadziwa, kuti 26 ndi woposa 12 kuwirikiza kawiri.

Kwa anzanga omasulira zikalata za azachuma, pali dzenje lina. Akatswiri a m'mabanki amagawa pointi imodzi m'timagawo 100, ndipo amakonda kulengeza kusintha kwa chiwongoladzanja m'timagawo timeneti. Kukwera kwa mu Okutobala 2022 kuja iwo angakutchule kuti nkwa timagawo 400. Mukakumana ndi nambala yotero, igaweni ndi 100 musanaiike m'Chichewa. Musalembe “mapointi 400”, ndipo chonde musalembe “400 peresenti”. Ndi mapointi anayi aja. Mukakayikira funsani kaye, pajatu safunsa anadya phula.

Nkhani ya kafukufuku imayenda chimodzimodzi, kungoti apa tikuwerenga anthu. Kafukufuku wamkulu wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu amene ofesi ya boma yoona za ziwerengero ku Zomba imachititsa adapeza kuti mu 2010, ana 47 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu adali opinimbira. Wa 2015 mpaka 2016 adapeza 37 mwa 100 alionse. Taonani mmene kanenedwe kakuti “mwa ana 100 alionse” kakutitetezera. Kakutikakamiza kutchula kuti tikuwerenga yani, ndipo kusiyana kukuoneka kokha: pa ana 100 alionse, opinimbira achepa ndi ana 10. Amenewo ndi mapointi 10. Koma tikafunsa kuti vutoli lachepa motani poyerekeza ndi mmene lidalili, tigawa 10 ndi 47, ndipo tipeza 21 peresenti, kutanthauza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Wolemba kuti “kupinimbira kwatsika ndi 10 peresenti” wawamana alangizi a zaumoyo ndi amayi a m'midzi theka la chimene adakwanitsa, popeza kutsika kwa 10 peresenti kukadangotifikitsa pa 42 ndi kanthu pang'ono. Pa ngongole paja, kulakwitsaku kudachepetsa nkhani yoipa. Apa kwachepetsa nkhani yabwino.

Tisamalenso kuti tisalumphe malire. Manambala awiriwa akunena za gawo la ana, osati kuchuluka kwa ana onse opinimbira m'dziko. Pakati pa zaka zimenezo chiwerengero cha ana chidakula, choncho sitinganene kuti “ana opinimbira achepa ndi 21 peresenti” ngati kuti tawawerenga mmodzimmodzi. Tinene kuti gawo la ana opinimbira latsika.

Nambala ikakhala yaing'ono mpamene kusiyanaku kumakula koopsa. Matenda amene amagwira anthu 2 mwa 100 alionse akayamba kugwira mmodzi mwa 100, atsika ndi pointi imodzi yokha, koma achepa ndi theka. Wofuna kunyoza ntchito imene yagwiridwa adzatchula pointi imodziyo, wofuna kudzitama adzatchula 50 peresenti, ndipo onse awiri sananame. Apa mpamene mlembi wachilungamo ayenera kupereka kochokera ndi kofikira, kuti wowerenga asakokedwe ndi mphuno.

Nyengo ya zisankho ikayandikira, kafukufuku wa maganizo a anthu amachuluka, ndipo mapointi amakhala ndi ntchito ina. Kafukufuku wofunsa anthu pafupifupi 1,200 osankhidwa mwamaere amatha kuphonya choonadi ndi mapointi atatu, chokwera kapena chotsika. Akapeza kuti anthu 40 mwa 100 alionse akukonda mtsogoleri wina, nambala yeniyeni ingakhale paliponse pakati pa 37 ndi 43. Amenewa ndi mapointi, chifukwa 3 peresenti ya 40 ndi 1.2 yokha, ndipo woitchula choncho akupangitsa kafukufukuyo kuoneka wolondola kuposa mmene alili. Tiyerekeze kuti kafukufuku wotsatira wapeza 42. Achipani chake angalengeze kuti chikondi cha anthu chakula ndi 5 peresenti, popeza 2 ndi 5 peresenti ya 40, ndipo masamu awo ngolondola. Koma kusinthako ndi kwa mapointi awiri, ochepera pa mapointi atatu amene kafukufukuyo angaphonye. Mtolankhani wosamala alembe kuti okonda mtsogoleriyo achoka pa 40 kufika pa 42 mwa anthu 100 alionse, ndipo aonjezere kuti kusiyana kwa mapointi awiri kotereku nkochepa moti sikungatitsimikizire kuti maganizo a anthu asinthadi.