Malo a Mutu m'Chiganizo

Akatswiri a zinenero amatcha mutu liwu lija limene limalamulira anzake m'gulu la mawu, ndipo amasiyanitsa zinenero poona ngati mutuwo umatsogola kapena umatsalira. M'chaka cha 1963 Joseph Greenberg, atayerekeza zinenero 30, anaonetsa kuti kumene mneni amatsogolera pamtherankhani, kawirikawiri mperekezi nayenso amatsogolera dzina, pakuti mbalame zofanana nthenga zimaulukira pamodzi.

Chichewa chimatsogoza mutu. Mayi wa ku Mgona akanena kuti "ndagula nsomba zouma ku Kawale", mneni "ndagula" wayamba "nsomba" zisanatchulidwe, "ku" waima patsogolo pa "Kawale", ndipo "zouma" watsatira dzina lake. Pamene Mjapani, amene chinenero chake chimaika mutu pambuyo, amayamba ndi Kawale, nadza ndi nsomba, natsiriza ndi mneni.

Komabe lamuloli lili ndi malire. Matthew Dryer anapeza mu 1992 kuti malo a mfotokozi sayendera malo a mneni, monga Chingelezi chimachitira umboni potsogoza mneni ndi mfotokozi yemwe. Ndiponso Joan Bresnan ndi Sam Mchombo anaonetsa mu 1987 kuti mneni wa Chichewa akanyamula kaphatikizo koimira pamtherankhani, monga "zi" mu "nsombazo ndazigula", dzinalo limamasuka kuima patsogolo.