Akaunti ikakana kutsimikizika kapena ikatsekedwa: nkhani ya UAE PASS ku Dubai

Munthu wokhala ku Dubai amalowa pa ntchito zambiri za boma kudzera pa UAE PASS, pulogalamu ya pafoni yomwe inakhazikitsidwa mu 2018 kuti ikhale chiphaso cha munthu pa intaneti. Mauthenga awiri ndi amene amasowetsa anthu mtendere pa pulogalamuyi komanso pa mapulogalamu a mabanki: wonena kuti akaunti siikutsimikizika, ndi wochenjeza kuti akaunti itsekedwa chifukwa nambala yachinsinsi yalakwika kangapo. Awiriwa amachokera kosiyana, ndipo mankhwala ake ndi osiyananso.

Kutsimikiza ndi kufananitsa zimene mwapereka ndi zimene boma lili nazo kale. Polembetsa mumajambula Emirates ID yanu, ija ya manambala 15 oyamba ndi 784, yomwe imaperekedwa ndi bungwe la ICP. Kenako mumalandira nambala yogwira ntchito kamodzi, OTP, pafoni ndi pa imelo, n'kuonetsa nkhope ku kamera. Pakangopezeka chimodzi chosagwirizana, pulogalamuyo imakana, ndipo kawirikawiri siinena kuti chalakwika n'chiti. Kusanenako kumakwiyitsa, koma n'kwadala: uthenga wolongosola zonse ungathandizenso wakuba amene akuyesa ndi chiphaso cha mwini wake.

Tiyerekeze ndi mlonda amene viza yake yatha ndipo bwana wake wachedwa kuikonzetsa. Emirates ID ya mlendo imayendera limodzi ndi viza yokhalira m'dzikomo, choncho nayonso yatha. Banki imafuna chiphaso chatsopano ndipo ikhoza kuimitsa zina pa akaunti. Simukhadi ya du kapena e& imalembetsedwanso ndi chiphaso chomwecho, moti nayonso ikhoza kuimitsidwa, OTP n'kuleka kufika. Mlondayo aona ngati mavuto ndi atatu, pomwe gwero ndi limodzi. Kufufuta pulogalamu n'kuiikanso sikuthandiza. Ayambe ndi viza ndi chiphaso, kenako kampani ya foni, banki pomaliza. Amene amagwiritsa ntchito nambala yolembetsedwa m'dzina la mnzake kapena la kampani amakumananso ndi zotere tsiku lomwe nambalayo yabwezedwa. Ngati ndi nkhope yokha imene ikukanidwa, vuto limakhala laling'ono: pezani malo owala, vulani magalasi, pukutani kamera.

Kutseka akaunti kumalimbana ndi munthu wongoyerekeza. PIN ya manambala anayi ikhoza kulembedwa m'njira 10,000 zokha. Makina oyesa kamodzi pa sekondi angazimalize zonse pasanathe maola atatu. Koma pulogalamu itati izitseka pakalakwika kasanu, mwayi wa wakubayo ungatsike kufika pa umodzi mwa 2,000. Masamuwa amagwira ntchito ngati PIN yanu ndi yovuta kuiganizira. Mukaika 1234 kapena chaka chobadwa, chomwe chili pa chiphaso chimene chabedwa pamodzi ndi foniyo, kuyesa kasanu n'kokwanira. Pa maakaunti a pasiwedi, kutsekako kumachepetsanso liwiro la akuba amene amatenga mapasiwedi obedwa kwina n'kumawayesa paliponse.

Chenjezolo liwerengeni modzifunsa kuti analakwitsa ndani. Ngati ndinu, lekani kuyesa, chifukwa kulakwitsa kulikonse kumawerengedwa. Sankhani njira yokonzanso PIN ya m'pulogalamu momwemo. Ngati simunayese kulowa koma machenjezo akubwerabe, pali wina amene akudziwa nambala kapena imelo yanu ndipo akugogoda. Sinthani pasiwedi ya imelo poyamba, popeza ndi kumene maakaunti ambiri amatumiza uthenga wokonzera zinthu, ndipo musatsegule ulalo wa mu SMS yonena kuti akaunti yatsekedwa. Ochenjera amalemba mauthenga otero motsanzira enieni.

Pali pomwe kutseka akaunti sikufika, ndipo mpomwe anthu amaberedwa kwambiri. Polowa pa tsamba la boma ndi UAE PASS, pempho limabwera pafoni yanu kuti muvomereze. Wakuba amalemba nambala yanu pa tsambalo, n'kukuimbirani akudzitcha wapolisi kapena wa ku banki, akuti vomerezani msanga chiphaso chanu chisaimitsidwe. Apa palibe PIN yolakwika, ndiye palibe chotseka akaunti, poti mwini wake watsegula yekha. Pempho limene simunaliyambitse likaneni, foniyo muidule. Apolisi a ku Dubai salandira OTP kapena PIN ya munthu pafoni. Ngati munavomera kale, imbirani banki nthawi yomweyo pa nambala yolembedwa pa khadi lanu, kenako kanenani ku Dubai Police pa 901 kapena pa tsamba la ecrime.ae, mutasunga nambala imene inakuimbirani ndi nthawi yake.