Kusanja kwa topoloji

Kusanja kwa topoloji ndi njira ya masamu ndi sayansi ya makompyuta yoikira ntchito zodalirana mumndandanda umodzi, kuti pasapezeke ntchito yobwera patsogolo pa inzake imene ikuidikira. Ngati ntchito ina singayambe mpaka inzake itatha, yoyenera kutha ija imalembedwa poyamba. Kusanjaku kumatheka pokhapokha ngati palibe ntchito zodikirana mozungulira, ndipo kawirikawiri mindandanda yolondola imakhala yoposa umodzi.

## Madontho ndi mivi

Ntchito zodalirana zimajambulidwa pa chithunzi chotchedwa galafu. Ntchito iliyonse imakhala dontho, ndipo kudalirana kulikonse kumakhala muvi. Muvi wochoka pa A kuloza pa B umatanthauza kuti A iyenera kutha B isanayambe. Kusanja kwa topoloji ndiko kundandalika madontho onse pamzere umodzi, kuchokera kumanzere kupita kumanja, mwakuti mivi yonse iloze kumanja.

Munthu akatsatira mivi kuchoka pa dontho lina n'kudzapezeka wabwerera pa dontho lomwelo, njira yozungulirayo imatchedwa mkombero. Galafu yokhala ndi mkombero singasanjike, chifukwa ntchito iliyonse ya mumkomberowo ikudikira inzake imene nayonso ikuidikira. Galafu yopanda mkombero imasanjika nthawi zonse.

## Mbiri

Vutoli linayamba kufufuzidwa kwambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Panthawiyo njira yokonzera ntchito zikuluzikulu yotchedwa PERT, imene inayambira ku gulu la asilikali apanyanja la dziko la America, inkafuna kuti makompyuta azisanja ntchito zambirimbiri zodalirana. Mu 1962 Arthur B. Kahn anafalitsa ndondomeko imene mpaka lero imadziwika ndi dzina lake. Palinso njira ina, yotsatira mivi mpaka kumapeto kenako n'kulemba ntchito chobwerera m'mbuyo, imene Robert Tarjan anaifotokoza mu 1976. Nkhani ino ikufotokoza ndondomeko ya Kahn, chifukwa munthu angathe kuichita ndi pensulo ndi pepala.

## Ndondomeko ya Kahn

Ndondomekoyi imatsamira pa funso limodzi: kodi ntchito iliyonse ikudikira ntchito zingati? Yankho lake ndi chiwerengero cha mivi yoloza pa dontho la ntchitoyo. Ntchito imene chiwerengero chake ndi 0 sikudikira chilichonse, choncho ingayambe pompo. Masitepe ake ndi awa:

1. Werengani mivi yoloza pa ntchito iliyonse, n'kulemba chiwerengerocho pambali pake.
2. Ikani ntchito zonse zokhala ndi 0 pamzere wa ntchito zokonzeka.
3. Tengani ntchito imodzi pamzerewo, muilembe kumapeto kwa mndandanda wa yankho.
4. Pa ntchito iliyonse imene imadikira ntchito mwatengayo, chotsanipo 1. Ikafika pa 0, iikeni pamzere wa zokonzeka.
5. Bwerezani sitepe 3 ndi 4 mpaka mzere wa zokonzeka utatha.

Pagalafu yopanda mkombero sipalephera kupezeka ntchito yoyambira. Zikanakhala kuti ntchito iliyonse ikudikira ina, munthu akanatha kubwerera m'mbuyo kuchoka pa ntchito kupita pa imene ikuidikira osaima. Popeza ntchito zili ndi malire, akanafika pa ntchito imene anadutsapo kale, ndipo umenewo ukanakhala mkombero.

## Chitsanzo: kumanga nyumba ya njerwa

Tiyerekeze kuti ntchito yomanga nyumba yagawidwa m'zigawo 8, ndipo mmisiri wanena zimene chigawo chilichonse chikudikira:

- A: kuumba ndi kuotcha njerwa. Sikudikira chilichonse.
- B: kukumba maziko. Sikudikira chilichonse.
- C: kumanga maziko ndi makoma. Ikudikira A ndi B.
- D: kugula malata. Sikudikira chilichonse.
- E: kufolera denga. Ikudikira C ndi D.
- F: kukwirira mapaipi a mawaya a magetsi m'makoma. Ikudikira C.
- G: kupanga pulasitala. Ikudikira E ndi F.
- H: kupenta. Ikudikira G.

Mivi yonse ilipo 8. Ziwerengero zoyambira ndi izi: A, B ndi D zili ndi 0, F ndi H zili ndi 1, C, E ndi G zili ndi 2. Motero mzere wa zokonzeka ukuyamba ndi A, B ndi D. Pano tizitenga ntchito imene yakhalitsa pamzere.

Tikatenga A, chiwerengero cha C chitsika kuchoka pa 2 kufika pa 1. Makoma sangayambebe, chifukwa njerwa zilipo koma maziko sanakumbidwe. Tikatenga B, C ifika pa 0 n'kulowa pamzere kumbuyo kwa D. Tikatenga D, E itsika kufika pa 1: malata agulidwa, koma makoma oti denga likhalepo kulibe.

Tsopano titenga C. Ntchito ziwiri zimaidikira, E ndi F, ndipo zonse zifika pa 0 nthawi imodzi. Tikatenga E, G itsika kufika pa 1. Tikatenga F, G ifika pa 0. Kenako G imasula H, ndipo H ikatengedwa mzere watha. Yankho ndi ili:

```
A, B, D, C, E, F, G, H
```

Pofuna kutsimikizira yankho, munthu amayendera mivi yonse 8 umodziumodzi n'kuona ngati ntchito yoyenera kutsogola ilidi kumanzere kwa inzake.

## Mayankho ambiri

Nthawi iliyonse imene pamzere wa zokonzeka pali ntchito ziwiri kapena kuposerapo, palibe cholakwika kutenga ina iliyonse. Mndandanda wa B, A, C, F, D, E, G, H ndi wolondolanso: malata angagulidwe mochedwa, bola afike denga lisanayambe. Ntchito 8 zingandandalikidwe m'njira 40,320, koma zogwirizana ndi mivi ya m'chitsanzochi ndi 18 zokha. Yankho limakhala limodzi lokha ngati pa sitepe iliyonse pamzere pali ntchito imodzi basi.

Mzere wa zokonzeka umasonyezanso ntchito zimene zingagwiridwe nthawi imodzi. E ndi F sizidikirana, choncho kalipentala angakhale padenga pamene wamagetsi akugoba makoma.

## Mkombero ndi mmene umadziwikira

Tiyerekeze kuti wamagetsi wanena kuti abwera pulasitala ikatha, ndipo wolemba ndondomeko wawonjezera muvi wochoka pa G kuloza pa F. Tsopano F ikudikira C ndi G, pomwe G ikudikirabe F. Ndondomeko ya Kahn iyamba bwinobwino n'kutulutsa A, B, D, C ndi E. Zikatero mzere wa zokonzeka utha, F, G ndi H zitatsala ndi 1 iliyonse.

Chizindikiro cha mkombero ndi chimenechi: ntchito zotuluka zachepera ntchito zonse, apa 5 mwa 8. Koma si ntchito iliyonse yotsalira imene ili mumkombero. H ilibe vuto lake. Yangotsekeredwa kumbuyo kwa G. Kuti mkombero weniweni upezeke, munthu amayamba pa ntchito yotsalira iliyonse n'kufunsa kuti ikudikira iti mwa zotsalirazo. H ikudikira G, G ikudikira F, F ikudikira G. Dzina labwerezedwa, ndipo mkombero ndi F ndi G.

Kawirikawiri mkombero wotere umabadwa chifukwa ntchito ziwiri zapatsidwa dzina limodzi. Wamagetsi amagwira ntchito kawiri: amakwirira mapaipi pulasitala isanapangidwe, n'kudzaika masoketi ndi maswichi pulasitala itatha. F ikagawidwa pawiri, gawo loyamba litsogola G, lachiwiri litsatira G, ndipo galafu isanjikanso. Kungofufuta muvi kuti ndondomeko idutse kumabisa vuto m'malo molithetsa.

## Pa kompyuta

Chinenero cha Python, kuyambira mtundu wa 3.9, chili ndi gawo la `graphlib` losanjira motere. Ntchito iliyonse imalembedwa limodzi ndi zimene ikudikira:

```python
from graphlib import TopologicalSorter

ntchito = {"C": ["A", "B"], "E": ["C", "D"], "F": ["C"],
           "G": ["E", "F"], "H": ["G"]}
print(list(TopologicalSorter(ntchito).static_order()))
```

Pulogalamuyi imatulutsa umodzi mwa mindandanda 18 ija. Pakakhala mkombero imaima ndi uthenga wa `CycleError`. Pa makompyuta a Unix ndi Linux pali lamulo la `tsort`, limene limawerenga mayina awiriawiri, loyamba kukhala la ntchito yotsogola.

Cholakwika chofala kwa ophunzira ndi kutembenuza mivi. Wina akalemba `"A": ["C"]` poganiza kuti akunena kuti A itsogola C, Python imamva kuti A ikudikira C. Mivi yonse ikatembenuzidwa chotero, sipatuluka uthenga uliwonse wa cholakwika. Mndandanda umangotuluka chadodolido, kupenta poyamba.

Ndondomeko ya Kahn ndi yachangu chifukwa dontho lililonse limatengedwa kamodzi ndipo muvi uliwonse umachotsedwa kamodzi. Izi zimalembedwa `O(V + E)`, pomwe `V` ndi chiwerengero cha madontho ndipo `E` ndi cha mivi. Madontho ndi mivi zikachuluka kawiri, nthawi imachulukanso pafupifupi kawiri basi.

Kusanjaku kumagwira ntchito m'mapulogalamu ambiri. Pulogalamu ya `make` imasankha mafayilo oyenera kukonzedwa poyamba pomanga pulogalamu yaikulu. Mapulogalamu owerengetsera monga Excel amaonetsetsa kuti bokosi lawerengedwa pambuyo pa mabokosi amene likudalira, ndipo amachenjeza bokosi likamadalira yankho lake lomwe, umene ndi mkombero.

## Malire ake

Kusanja kwa topoloji kumangodziwa mivi imene yalembedwa. Muvi wochoka pa F kupita pa G ukaiwalika, ndondomeko ingaike pulasitala patsogolo pa mapaipi popanda chenjezo, ndipo khoma lomalizidwa liyenera kugobedwanso. Vutoli limatha kubisala nthawi yaitali, chifukwa mndandanda ungalondole mwamwayi mpaka tsiku limene ntchito zalembedwa mosinthanitsa.

Kusanjaku sikunenanso za masiku, ndalama kapena chiwerengero cha amisiri. Sikudziwa kuti kuumba ndi kuotcha njerwa kumatenga nthawi yaitali kuposa kugula malata. Pofuna kudziwa tsiku limene nyumba ingathe, ntchito iliyonse imapatsidwa masiku ake, kenako ntchitozo zimayenderedwa motsatira mndandanda wosanjidwa. Tsiku loyambira ntchito iliyonse limakhala tsiku limene yomaliza mwa ntchito zimene ikudikira yatha. Powerengera chotere pamaoneka njira ya mivi yotenga masiku ambiri kuposa zonse, ndipo ntchito iliyonse ya panjira imeneyo ikachedwa tsiku limodzi, nyumba yonse imachedwa tsiku limodzi.