Tanthauzo la Mawu: Anomale

Akatswiri ofufuza miyala akanena kuti apeza anomale, amatanthauza malo pamene muyezo wa makina wasiyana ndi womwe amayembekezera m'dera lonselo.

Miyala yolemera kwambiri, monga kromaiti, imakoka zinthu mwamphamvu pang'ono kuposa miyala yoizungulira. Makina otchedwa gravimita akaikidwa pamwamba pake amaonetsa kusiyanako, komwe nthawi zambiri sikufika ngakhale miligalo imodzi. Choncho muyezo uyenera kukonzedwa kaye poganizira kutalika kwa malowo, chifukwa kungokwera mamita atatu kumachepetsa mphamvu yokokayo ndi pafupifupi miligalo imodzi. Wolakwitsa apa amaona chuma pamene palibe.

Nayo maginetomita, yomwe imanyamulidwa pamanja kapena pa ndege, imazindikira miyala yokhala ndi maginetaiti. Pamapu, mzere wa miyala yotere ukaduka mwadzidzidzi n'kukapitirira chapambali, pamenepo pamakhala mng'alu pomwe nthaka inasuntha.

Komabe anomale si mgodi. Mwala waung'ono wapafupi ndi mwala waukulu wakuya zingathe kupereka chizindikiro chofanana, n'chifukwa chake pomaliza amaboola ndithu kuti atsimikize.