Mbiri ya Tulo ndi Wotchi ya M'thupi

Kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti munthu amagona chifukwa kunja kwada basi. Mu 1729 katswiri wina wa ku Falansa, de Mairan, anatsekera mumdima kachomera kamene kamapinda masamba usiku. Kachomerako kanapitirizabe kutambasula masamba masana ndi kuwapinda usiku ngakhale sikankaona dzuwa. Apa mpamene panayambira ganizo loti chamoyo chili ndi wotchi yakeyake ya maola pafupifupi 24.

Mu 1953, pa yunivesite ya Chicago, Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman anaona kuti pa nthawi zina maso a munthu wogona amayendayenda mofulumira, ndipo akamudzutsa pamenepo amanena kuti amalota. Lero tikudziwa kuti tulo timayamba topepuka, kenako tofa nato, kenako ta maloto, ndipo ulendo umodzi wotere umatenga mphindi pafupifupi 90. Tulo tofa nato timachuluka kumayambiriro kwa usiku, pomwe ta maloto timachuluka mbandakucha. Choncho wophunzira amene wagona 12 koloko n'kudzuka 4 koloko wangomaliza maulendo awiri kapena atatu, ndipo wataya gawo lalikulu la tulo ta maloto. Magawo onsewa amathandiza ubongo kusunga zimene waphunzira masana.

Nanga thupi limadziwa bwanji kuti kwada? Mu 1958 Aaron Lerner wa ku Yale anapeza melatonini m'kachiwalo kakang'ono ka mu ubongo wa ng'ombe, kamene ifenso tili nako. Kuwala kukachepa, maso amatumiza uthenga ku wotchi ya mu ubongo, ndipo kachiwaloko kamayamba kutulutsa melatonini kutatsala maola awiri kapena atatu kuti nthawi imene munthu anazolowera kugona ikwane. Mu 1980 Alfred Lewy anaonetsa kuti kuwala kwamphamvu usiku kumaletsa melatonini kutuluka.

Umboni wina unapezeka pafupi ndi ife. Msewu wodutsa pa Chinakanaka umakafika pa chipata cha Muloza, ndipo tsidya lake ndi tauni ya Milange ku Mozambiki. Mu 2017 akatswiri anafalitsa kafukufuku woyerekeza anthu a m'tauniyi, mmene muli magetsi, ndi a m'mudzi wa Tengua wopanda magetsi. A ku Milange ankagona mochedwa ndi ola limodzi, koma tulo tawo sitinachepe chifukwa ankadzukanso mochedwa.

Wophunzira alibe mwayi umenewo, poti belu la sukulu silidikira. Komanso pa msinkhu wa unyamata melatonini amatuluka mochedwerapo kusiyana ndi pa ubwana, ndipo kuwala kwa babu kapena foni kumawonjezera kuchedwako. Chizindikiro chake ndi kusowa tulo usiku ndi kusinza m'kalasi mmawa. Inu ophunzira, werengani kukadali kowala, chepetsani kuwala ola limodzi musanagone, dzukani nthawi yofanana tsiku lililonse, ndipo gonani maola osachepera 8.