Osangoti "ayi": kasankhidwe ka dzina la gulu

Kwa Kawinga magulu ndi ambiri, a banki mkhonde, a alimi a mpunga, a ogulitsa nandolo pa Ntaja, ndipo lililonse limafuna dzina. Chimene chimachedwetsa msonkhano si kusowa maina, koma kakanidwe kake. Wina akatchula dzina, anthu amangoti "ayi, silikukoma." Wotchulayo sadziwa cholakwika, ndiye ulendo wachiwiri amabweretsa lofanana nalo.

Dzina lili ndi mbali zitatu: tanthauzo, kamvekedwe pakamwa, ndi zimene limakumbutsa anthu a m'deralo. Wokana anene mbali imene yamuvuta, anenenso imene akufuna itsale.

Tiyerekeze amayi a banki mkhonde pafupi ndi Ntaja. Ulendo woyamba patuluka maina atatu: Tiyanjane, Chilwa ndi Adaniatopa. Wapampando wanzeru sathamangira kukwezetsa manja, amayamba wafunsa zifukwa. Pa Tiyanjane amayi akonda kuti likuyamba ndi "ti", aliyense akudzimva kuti alimo, koma magulu a dzinali ndi ochuluka, ndipo pokatsegula akaunti ku Liwonde angasokonezeke ndi ena. Chilwa ndi dzina la kwawo, koma wina akukumbutsa kuti nyanjayi inaphwa mu 1995 ndi mu 2018. Ndani angaike ndalama zake m'thumba lotchedwa dzina la madzi ophwa? Adaniatopa likanidwa lonse, chifukwa ndi dzina lonena anthu: oyandikana nawo adzamva kuti akuwalasa.

Apa mlembi alembe zifukwazo, osati maina okha: "ti" atsale, likhale la kwathu, lisanene munthu, lisakhale lofala. Ine ndimaona kuti ntchito yeniyeni ndi imeneyi, pakuti zifukwa zosalembedwa zimaiwalika, ndipo dzina lokanidwa limabwereranso litavala malaya ena.

Ulendo wachiwiri maina amachepa. Popeza ambiri m'gululi ndi Ayao, patuluka Upile, ndiye kuti mwayi, ndi Tikamulane, ndiye kuti tigwirane. Upile ndi lalifupi, lokoma kutchula, koma mayi wina akuti ndalama zathu si zamwayi, ndi zathukuta. Chifukwa chimenechi ndi chatsopano, chiwonjezedwe pa zija. Tikamulane ladutsa zonse. Chotsala ndi kuliyesa: alitchule mokweza monga poitanira anthu ku msonkhano, alilembe pachikuto cha buku la masheya, afunsenso Alomwe ndi Anyanja a m'gululo ngati silikuwavuta lilime.

Zikasokonekera zimadziwika msanga. Maina a ulendo wachitatu akafanana ndi a ulendo woyamba, zifukwa sizinamveke. Zifukwa zikayamba kutsutsana, wina akufuna lachiyao wina lachichewa, vuto silili m'maina, ndipo kuitanitsa ena n'kutaya nthawi; ayambe agwirizana pa chiyankhulocho. Palinso kukana koopa munthu: dzina likatchulidwa ndi akazi a amfumu, anthu amangoti zii. Pamenepo ndi bwino aliyense akanong'oneze mlembi dzina lake, mlembi awerenge onse osatchula eni ake.