Filimu yochokera mu nthano yaitali: chitsanzo cha Tsotsi

Filimu yochokera m'buku ndi filimu imene nkhani yake, atengambali ake ndipo nthawi zambiri dzina lake zatengedwa mu nthano yaitali yosindikizidwa kale. Mafilimu otere satsata buku mzere ndi mzere. Amadula zochitika zina, amachotsa kapena kuwonjezera anthu, ndipo ena amasintha ndi mathero omwe. Amene anawerenga buku amadandaula kuti nkhani yaonongedwa, koma kusinthaku kuli ndi zifukwa zake, ndipo zimaoneka bwino mu Tsotsi, nkhani ya ku South Africa.

Buku la Tsotsi analemba ndi Athol Fugard, amene amadziwika kwambiri ndi masewero a pa nsanja. Analilemba cha m'ma 1960, n'kulisiya, ndipo linasindikizidwa mu 1980. Filimu yake anapanga ndi Gavin Hood mu 2005, ndipo mu 2006 inalandira mphotho ya Oscar ya filimu yabwino koposa ya m'chiyankhulo chosakhala Chingerezi. Msana wa nkhani ndi umodzi: mnyamata wotsogolera kagulu ka zigawenga ku Joni, amene aliyense amangomutchula Tsotsi, akupezeka ndi khanda losakhala lake, ndipo khandalo likumukumbutsa ubwana umene anauiwala dala. Dzina lake lenileni ndi David.

Nthawi

Buku munthu amawerenga kwa masiku, kuliika pansi n'kudzalitolanso. Filimu amaionera pa mkhalo umodzi, ndipo ya Tsotsi imangopitirira pang'ono ola limodzi ndi theka. Opanga mafilimu amawerengera kuti tsamba limodzi la zolemba zoseweredwa limatenga pafupifupi mphindi imodzi pa kanema, choncho buku lonse liyenera kukwana m'masamba pafupifupi 100 okhala ndi mawu ochepa. Oyamba kuchotsedwa ndi anthu amene sakukankha nkhani kupita patsogolo. M'buku muli Isaiah, nkhalamba yosamalira maluwa pa tchalitchi, imene imauza Tsotsi za Mulungu chakumapeto. M'filimu mulibe Isaiah, ndipo nkhani ya chikhulupiriro, imene Fugard anaipatsa malo, yatsala pang'ono kuzimiririka.

Za mumtima ndi zooneka ndi maso

Apa ndi pamene pagona kusiyana kwakukulu. Buku limalowa m'mutu mwa munthu. Fugard amatha masamba angapo akufotokoza zimene Tsotsi akuganiza, malamulo amene anadziikira oti asamakumbuke zakale, ndi mantha ake pamene malamulowo ayamba kusweka. Kamera siingajambule maganizo. Imajambula nkhope, manja, ndi zimene munthu wachita. Choncho chilichonse chimene m'buku chinali cha mumtima chiyenera kusandutsidwa chochitika.

N'chifukwa chake njira imene khanda limafikira kwa Tsotsi inasinthidwa. M'buku, Tsotsi akugwira mayi wina usiku pansi pa mitengo ya bulugama, mayiyo akumupatsira katoni ya nsapato m'manja n'kuthawa. M'katonimo muli mwana. Mayiyo saonekanso, ndipo palibe amene akubwera kudzafuna mwanayo. Nkhani yonse yotsatira ikuchitikira mkati mwa Tsotsi. Buku likhoza kuyenda motero, koma filimu ingaime, chifukwa woonera sakuona chimene chikumukakamiza mnyamatayu kuchita kanthu. Hood anapatsa khandalo makolo: John ndi Pumla Dube, banja lolemera la anthu akuda. Tsotsi akuwombera Pumla pa geti, akuba galimoto, ndipo akupeza mwana pa mpando wakumbuyo. Kuyambira pamenepo pali mayi wovulala amene akulira mwana wake, pali apolisi amene akusaka, ndipo pali funso limene woonera akulidikira: kodi amubweza?

Butcher, mnzake wa Tsotsi wokonda kupha, ndi chitsanzo china. M'buku amangotalikirana ndi Tsotsi n'kukalowa gulu lina. M'filimu Tsotsi akumuwombera m'nyumba ya a Dube kuti apulumutse John. Kusintha kwa mtima kumene buku linakufotokoza pang'onopang'ono, filimu yakuika mu chipolopolo chimodzi. Ndi njira yamphamvu, ngakhale imachititsa kuti kutembenuka kwa munthu kuoneke kofulumira kuposa mmene kumakhalira.

Pali zina zimene filimu inasunga chifukwa zinali kale zithunzi. Mkaka wa m'chitini umene Tsotsi akumwetsa mwana, nyerere n'kudzaunjikana pa khandalo, uli monsemo. Galu amene bambo a Tsotsi anamuthyola msana pomumenya ndi phazi alinso monsemo. Chimodzimodzi Morris, wopemphapempha amene anapunduka miyendo pa ngozi ya ku mgodi, ndi Miriam, mayi amene Tsotsi akumukakamiza kuyamwitsa khandalo.

Nyengo ya oonera

Fugard anaika nkhani yake ku Sophiatown m'zaka za m'ma 1950, pamene boma la tsankho linkagumula nyumba za anthu akuda ndi kuwasamutsa. Mayi a David m'buku akugwidwa ndi apolisi osaka anthu opanda zitupa, mwana n'kutsala yekha. Hood anasamutsira nkhaniyi ku Joni wa pambuyo pa 1994. Zitupa zija kunalibenso, choncho mayi akuoneka ali gone, akudwala, ndipo oonera ambiri anamva kuti ndi Edzi. Mpanda umene ukulekanitsa Tsotsi ndi a Dube si wa khungu koma wa chuma. Kusinthaku kunafikitsa nkhani pafupi ndi oonera a mu 2005, koma kunachotsa boma pa mlandu. M'buku, chimene chinapanga Tsotsi ndi lamulo la dziko. M'filimu ndi matenda, umphawi ndi bambo woledzera.

Mathero

M'buku, Tsotsi wabisa mwana m'mabwinja. Zigalimoto zogumula nyumba zikufika, iye akuthamangira kukamupulumutsa, khoma likuwagwera. Amene akufukula mtembo wake akupeza nkhope ikumwetulira. M'filimu, Tsotsi akubweza mwana kwa makolo ake pa geti lomwe lija, apolisi atamuzungulira, ndipo filimu ikutha iye atakweza manja. Hood anajambulanso mathero ena, ena Tsotsi akuwomberedwa, ena akuthawa, koma sanawagwiritse ntchito. Mathero a m'buku sakanatheka ngakhale akanafuna: Sophiatown ndi zigalimoto zake zinali zitachotsedwa kale m'nkhani, ndipo mwana wokhala ndi makolo amene tawaona akulira sangafe popanda filimu yonse kusanduka nkhani ina. Kusintha kumodzi koyambirira kumakoka kwina mpaka kumapeto.

Zimene filimu inapambana nazo

Fugard analemba m'Chingerezi, ndipo wowerenga amangoganizira mmene anyamatawa ankayankhulira. M'filimu akuyankhula Chitsotsi chenicheni cha m'makomboni, chosakaniza Chizulu, Chisutu ndi Chibunu, ndipo nyimbo za kwaito za Zola, amene akuseweranso m'filimuyi, zikumveka kuyambira pachiyambi. Palinso nkhope ya Presley Chweneyagae, amene anasewera ngati Tsotsi. Pamene akuyang'ana Terry Pheto, amene ndi Miriam, akuyamwitsa mwana, sanena kanthu, mfuti ili m'manja, maso akufewa pang'onopang'ono. Buku lingafune ndime yathunthu kuti lifotokoze zimenezo, ndipo likhoza kunena mochulukitsa.

Chimene filimu siinathe ndi kukhala nthawi yaitali ndi munthu wongodutsa. Gumboot Dhlamini, wogwira ntchito ku mgodi amene akuphedwa m'sitima ndi sipoko ya njinga, m'buku timayamba tamudziwa: mkazi amene anamusiya kumudzi ali woyembekezera, ndalama zimene wakhala akusunga, masiku ochepa amene atsala kuti abwerere kwawo. M'filimu wophedwa m'sitima ndi bambo amene anyamatawa amuona akutulutsa envulopu ya ndalama pa siteshoni, ndipo za kwawo sitiuzidwa.